Funso limodzi, zinenero ziwiri: mayeso amapepuka kapena kulemera pati?

Tiyerekeze kuti pepala la sayansi la Sitandade 5 lalembedwa m'Chingerezi, ndipo funso lina likufuna kuti mwana asankhe kachilombo kofalitsa malungo. Mayankho osankhapo ndi anayi: ntchentche, udzudzu, mphemvu ndi nsikidzi. Womasulira wodziwa bwino zinenero zonse ziwiri akulemba kuti: "…… umafalitsa malungo." Chichewa chake n'chosalala, ndipo tanthauzo silinasinthe ngakhale pang'ono. Koma funso laonongeka. Mwana aliyense amene anayamwira Chichewa akudziwa kuti ntchentche imafalitsa, mphemvu imafalitsa, nsikidzi imafalitsa. Mwa anayiwo, dzina loyenda ndi "u-" ndi limodzi lokha. Mwana amene sanamvepo phunziro la malungo akhoza funsoli ndi khutu basi, pamene mnzake wolemba m'Chingerezi, ngati sakudziwa, angolota, ndipo mwayi wake wokhoza ndi umodzi pa inayi.

Mneni wa Chingerezi sasintha chonchi potsatira gulu la dzina, choncho wolemba funso loyambalo analibe chifukwa choganizira zimenezi. Ife agwirizanitsi athu amaulula zinsinsi. Kukonza kwake n'kosavuta ukangoliona vutolo: tembenuzani chiganizo chikhale "Malungo amafalitsidwa ndi ……", ndipo mayina onse anayi alowa bwinobwino. Kuvuta kuli pa kuliona.

Nkhaniyi si yachilendo kwathu kuno, ngakhale mayeso a Sitandade 8 amene bungwe la MANEB limakonza ku Zomba amalembedwa m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa. Ndondomeko ya 1996 inati ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'zinenero zawo, kenako lamulo la maphunziro la 2013 linati Chingerezi ndicho chinenero chophunzitsira. M'kalasi zinthu zimayenda mwanjira yake: mphunzitsi amalemba funso pabolodi m'Chingerezi n'kulitanthauzira pakamwa m'Chichewa, ndipo ofufuza amene amayesa luso la masamu la ana aang'ono amawafunsa m'chinenero chimene anawo akumva. Paliponse pamene funso lawoloka chonchi, pamabuka nkhawa imodzi: kodi malikisi a uyu ndi a uyo akutanthauza chinthu chimodzi?

Chimene womasulira mayeso ayenera kusunga si mawu ayi, koma ntchito imene mutu wa mwana ugwire kuti afike pa yankho. Ntchitoyo imaphatikizapo misampha imene wolemba funso anatchera dala. Ndipo ine ndimaona kuti womasulira woopsa kwambiri si wosadziwa Chingerezi, koma wachifundo, amene amafuna kuti mwana amve msanga.

Tiyeni titsatire funso limodzi la masamu mpaka pamapeto. M'Chingerezi likunena kuti Chisomo ali ndi mango 15, ndipo ali ndi ochulukirapo ndi 6 poyerekeza ndi Mphatso. Mphatso ali ndi angati? Yankho ndi 15 − 6 = 9. Kuchotsera kwake n'kwa mwana wa Sitandade 2. Kuvuta kwa funsoli kuli pena: mawu onena za kuchuluka amakokera mwana ku kuphatikiza, ndipo wothamanga alemba 21. Wolemba funso akufuna kuona amene angaime kaye n'kudzifunsa kuti, kodi wochulukidwayo ndani?

Womasulira wachifundo uja alemba kuti: "Chisomo ali ndi mango 15. Mango a Mphatso ndi ochepa ndi 6. Kodi Mphatso ali ndi mango angati?" Nambala ndi zomwezo, yankho ndi lomwelo. Koma tsopano mawu oti "ochepa" akuloza mwana ku kuchotsera, ndipo kuchotserako ndiye njira yolondola. Msampha waphwasuka. Funso limene linkasiyanitsa mwana woganiza ndi wothamanga latsala loyesa kuchotsera chabe.

Womasulira wina, wokhulupirika ku mawu, alemba kuti: "Mango ake akuposa a Mphatso ndi 6." Msampha wabwerera, koma walowa ndi mnzake wosaitanidwa. Kamawu koti "ndi" kali ndi ntchito zingapo m'Chichewa, ndipo mwana wowerenga mojejema, amene amagwira mawu atatu kapena anayi pakamodzi, aona chidutswa choti "a Mphatso ndi 6" n'kuganiza kuti yankho lapatsidwa kale. Alemba 6. Kulakwa kumeneku m'Chingerezi kunalibe khomo lolowera, choncho funso la Chichewa lalemera kuposa loyamba. Palinso "ake". Chingerezi chimasiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo, ndipo ngati mmodzi mwa anawo ndi mtsikana wina mnyamata, wowerenga sasokonezeka. Chichewa chilibe kusiyanitsa kumeneko, kotero ndi bwino kubwereza dzina. Chiganizo chimene chikuyandikira kwambiri ndi ichi: "Chisomo ali ndi mango 15. Chisomo akuposa Mphatso ndi mango 6. Kodi Mphatso ali ndi mango angati?" Mawu oti "akuposa" akukokabe wothamanga ku 21, ndipo palibe pena pomupunthwitsa.

Onani kuti nambala tazilemba m'manambala, osati m'mawu. Kawerengedwe kathu kamamangidwa pa zisanu: 8 ndi "zisanu ndi zitatu". Funso lofunsa 5 + 3 m'mawu a Chichewa limakhala litanena kale yankho lake, pamene 78 m'mawu ndi chiganizo chathunthu chimene ana ambiri, ozolowera kuwerenga ndalama ndi nambala za Chingerezi pamsika, angasochere nacho.

Mawu a maphunziro ali ndi mavuto awiri otsutsana. Loyamba ndi lakuti mawu athu ambiri amadzifotokoza okha. Dzina la Chingerezi la gulu la nyama monga ng'ombe, mbuzi ndi mleme silimuuza kanthu mwana amene sanaphunzire, koma ife timati "nyama zoyamwitsa", ndiye funso lofunsa mmene nyamazi zimadyetsera ana awo lafa. N'chimodzimodzi kufunsa kuti thirayango ili ndi ngodya zingati utaitchula kuti "chinthu cha ngodya zitatu". Si ife tokha. Katswiri wa zoyesa maphunziro Ronald Hambleton ankapereka chitsanzo cha funso lofunsa kumene mbalame ya mapazi okhala ndi chikopa pakati pa zala imakhala. Litamasuliridwa m'Chiswidishi, mapaziwo anatchedwa "osambirira", ndipo yankho loti kumadzi linali poyera.

Lachiwiri n'lovuta kuposa. Pali malo amene Chingerezi cha sayansi chili ndi mawu awiri kapena atatu pamene Chichewa cha tsiku ndi tsiku chili ndi amodzi. Mafuta oundana akaikidwa pamoto amasungunuka. Shuga akathiridwa mu tiyi amasungunukanso. Kwa wasayansi izi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mafunso amakonda kuika mawu awiriwo pa mayankho osankhapo kuti mwana asiyanitse. Mukamasulira, mayankho awiri amakhala mawu amodzi. Mukawonjezera kuti "kusungunuka m'madzi", mwaulula. "Mphamvu", "mpweya", "kutentha" ndi "mankhwala" ali ndi khalidwe lomweli. Funso lotere nthawi zambiri silimasulirika, ndipo njira yoona mtima ndi kulilembanso m'zinenero zonse ziwiri, mwina pofunsa mwana kuti afotokoze chimene chachitikira shugayo ndi mmene angamupezerenso, kapena kulichotsa ndithu. Ngakhale mawu olamula amafuna diso: Chingerezi chimasiyanitsa kunena mmene chinthu chilili ndi kupereka zifukwa zake, koma "fotokozani" amanyamula zonse ziwiri. Pafunika "fotokozani mmene" kapena "fotokozani chifukwa", apo ayi wochonga adzamana malikisi mwana amene anayankha zimene anafunsidwa.

Nanga zolakwikazi zimagwidwa bwanji? Njira yodziwika kwambiri ndi kupatsa munthu wachiwiri pepala la Chichewa kuti alibwezere m'Chingerezi, n'kuyerekeza ndi loyamba. Imagwira nambala yosowa kapena "osati" woiwalika, koma yesani pa funso la udzudzu lija: libwerera m'Chingerezi lili langwiro, chifukwa "u-" wouluzayo asowa panjira. N'chifukwa chake mayeso a PISA, amene bungwe la OECD lakhala likulembetsa ana a zaka 15 m'maiko ambiri kuyambira 2000, sadalira njirayi. Amakonza mapepala oyambira awiri, la Chingerezi ndi la Chifalansa, ndipo amalimbikitsa kuti omasulira awiri agwire ntchito payekhapayekha, wachitatu n'kugwirizanitsa zimene apeza. Kwathu, wachitatuyo akanayenera kukhala mphunzitsi wa phunzirolo m'kalasi lomwelo, amene akudziwa ngati ana ake amati "perimita" kapena "mtunda wozungulira". Mawu amene ali mu mtanthauziramawu koma ana sanawamvepo m'kalasi amalemeretsa funso ngati mmene Chingerezi chikanachitira.

Umboni weniweni umachokera kwa ana. Poyamba mumakhala pansi ndi ochepa, mmodzimmodzi, n'kuwapempha kuti aziyankha akulankhula zimene akuganiza. Mwana akati "ndasankha udzudzu chifukwa ndi umene ukumveka bwino", mwagwira kale vuto. Kenako mumayesa pepala pa ana ambiri, mapepala a zinenero ziwiri atagawidwa mosasankha m'makalasi omwewo. Apa pali pofunika kusamala. Ngati ana a pepala la Chichewa akhoza bwino mafunso onse pang'ono, si cholakwika: mwina chotchinga cha Chingerezi changochoka. Chimene mukusaka ndi funso lotuluka pamzere. Mumaika pamodzi ana amene apeza malikisi ofanana pa pepala lonse, n'kuona funso lililonse palokha. Tingoyerekeza: pa ana apakatikati, funso la mango lakhozedwa ndi 45 pa 100 alionse m'Chingerezi ndi 85 m'Chichewa, pamene mafunso ena akusiyana pang'ono chabe. Funso limenelo libwerere pa tebulo. Mayankho olakwa amanenanso zambiri: ngati 21 wasowa pa mapepala a Chichewa, msampha unachotsedwa, ngati 6 wachuluka, mwalowa msampha watsopano.

Njirayi ili ndi malire ake. Imafuna ana mazana angapo mbali iliyonse kuti ziwerengero zikhale zodalirika, ndipo imatenga malikisi a pepala lonse ngati muyeso, kotero ngati mafunso ambiri apendekera mbali imodzi, muyesowo nawo wapendekeka. Komanso "ana a Chichewa" si gulu limodzi: kwa mwana wa ku Karonga kapena ku Mangochi amene kunyumba amalankhula Chinkhonde kapena Chiyao, Chichewa cha pa pepala chingakhale chinenero chachiwiri, ndipo ayenera kukhalapo pa gulu loyeserera. Ndipo pali mayeso amene kumasulira sikuwafika konse. Funso loyesa kalembedwe ka mawu a Chingerezi, kumene chilembo chimodzi chimatchulidwa mosiyanasiyana, lilibe mnzake m'Chichewa chimene chimalembedwa pafupifupi mmene chimamvekera; funso la magulu a mayina kapena la miyambi lilibe mnzake m'Chingerezi. Pamenepo pamalembedwa mapepala awiri osiyana, ndipo malikisi ake amalengezedwa padera, osawayerekeza.