KULEMBERA MAKOLO KALATA YA MAFUNSO A MANAMBALA

Mphunzitsi wa Giredi 1 afunika kudziwa zimene mwana acita kunyumba akaweruka. Kodi amawerenga? Ndani amamuthandiza? Amene angayankhe ndi makolo, koma makolo ambiri a m'makomboni monga Kanyama, Chawama ndi George amacoka m'mamawa kupita kukaoda katundu ku Soweto Market kapena kukagwira nchito, ndipo amabwerera kutada. Kalata yaitali imaikidwa pambali kuti iwerengedwe mawa. Conco lembani kalata imene munthu wotopa angayankhe m'mphindi ziwiri.

Kusiyana kwa madontho ndi manambala

Mfundo imene ingodziwitsa cabe iyambe ndi dontho. Funso limene lifuna yankho liyambe ndi nambala. Mukasunga lamuloli nthawi zonse, kholo lidzazolowera kuti pamene pali nambala pali nchito yake. Funso lililonse likhale pamzere wake, lifunse cinthu cimodzi, ndipo likhale ndi malo oyankhirapo.

Citsanzo

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wa ku Kanyama ali ndi ana 60 ndipo watsiriza kuphunzitsa a, e, i, o, u ndi lembo m. Poyamba analemba motere:

"Tipempha mutiuze ngati mwana wanu amawerenga kunyumba ndiponso ngati pali omuthandiza komanso ngati ali ndi buku, cifukwa ana ena akutsalira."

Kholo likalemba "Inde" pansi pa kalata iyi, mphunzitsi sangadziwe kuti layankha funso liti mwa atatuwo. Kalata yomweyo ikakonzedwa ikhala motere:

Okondedwa makolo,

• Ana aphunzira a, e, i, o, u ndi ma, me, mi, mo, mu.
• Kapepala ka malembowa kali m'buku la mwana.
• Conde bwezani kalatayi pa Cisanu.

1. Kodi mwana wawerenga kapepalako mokweza mlungu uno? Inde / Ai
2. Ndani amakhala naye powerenga? ________
3. Muuzeni awerenge mawu akuti "amama". Kodi wakwanitsa yekha? Inde / Ai
4. Mumalankhula cilankhulo canji panyumba? ________

Funso 3 lipatsa kholo kanchito kocita pomwepo, motero yankho lake silicokera m'kuganizira cabe. Funso 4 lifunika cifukwa mu Lusaka mabanja ena amalankhula Cibemba, Citonga kapena Cilozi, ndipo mwana wotere angamve mawu a m'buku la Cinyanja ngati acilendo.

Makalata akabwera, lembani maina a ana kumanzere kwa tsamba, ndi manambala 1 mpaka 4 pamwamba. Mukawerenga motsika pansi pa nambala 3 mudzaona msanga ana ofunika kubwereza phunziro la m. Pansi pa nambala 2 mudzaona ana amene alibe owathandiza, ndipo awa ndiwo oyamba kuwapatsa mnzawo wowerenga naye m'kalasi. Nambala imathandizanso kholo loyankha pafoni, pakuti lingangolemba kuti "1 inde, 2 ambuya ake, 3 ai, 4 Cinyanja".

Zolakwa zofala ndi mmene mungazionere

Coyamba ndi funso lokana, monga lakuti "Kodi mwana sawerenga kunyumba?" Wina adzati "Inde" kutanthauza kuti sawerengadi, wina adzati "Ai" kutanthauza comweco. Mukaona mayankho osagwirizana ndi zimene muona m'kalasi, yang'ananinso mmene munafunsira.

Caciwiri ndi kuculukitsa mafunso. Ngati makalata ambiri abwera ndi manambala omalizira osayankhidwa, mafunso anaculuka. Anayi kapena asanu ndi okwanira, ndipo lofunika koposa likhale pakati pa oyambirira.

Cacitatu ndi mawu. Cinyanja ca m'buku cimasiyana ndi cimene anthu alankhula m'komboni. Ngati nambala imodzi yokha yasiyidwa ndi makolo ambiri, kapena yayankhidwa zosiyana ndi funso, mwina muli liwu limene sanalimve. Musanatumize kalata, iwerengereni kholo limodzi pacipata ca sukulu ndi kumva mmene liyankhira.

Pamene njirayi siyenera

Mfundo zazifupi sizifotokoza cifukwa. Nkhani yakuti mwana samva bwino, saona pabolodi kapena amajomba kawirikawiri musaiike pa dontho. Itanani kholo mukambirane pamaso. Kumbukiraninso kuti makolo ena sadziwa kuwerenga ndipo sanganene. Kalata yobwera yopanda yankho isatengedwe ngati mphwayi. Pemphani mkulu wake wa mwanayo kuti aziwerenga funso limodzi, kudikira yankho, kulemba, kenaka kupita pa nambala yotsatira.

Zocita

Tengani kalata imene munatumiza posacedwapa. Lembani mzere kunsi kwa ciliconse cimene cifuna yankho, cipatseni nambala yake, ndipo muonetse mphunzitsi mnzanu wa giredi yomweyo kuti ayese kuyankha.