Kukonza fayilo yobooka isanapite ku pulinta ya 3D

Fayilo ya STL, yomwe kampani ya 3D Systems inayambitsa mu 1987, imasunga khungu lokha la chinthu, osati zamkati mwake. Khungulo limapangidwa ndi tizidutswa ta makona atatu tolumikizana m'mphepete, ndipo lamulo lake lalikulu ndi ili: mphepete iliyonse igwire tizidutswa tiwiri ndendende. Bokosi wamba limakhala ndi tizidutswa 12 ndi mphepete 18. Kachidutswa kamodzi kakasowa, mphepete zitatu zimatsala ndi mbali imodzi yokha, ndipo bokosilo labooka. Mphepete ikagwiranso tizidutswa titatu kapena tinayi, fayilo yalakwika ngakhale bowo palibe.

Vutoli limaonekera podula. Pulogalamu monga PrusaSlicer kapena Cura imadula chinthucho m'magawo opyapyala, nthawi zambiri a mamilimita 0.2, ndipo pa gawo lililonse imafuna mzere wozungulira wotsekeka kuti idziwe pothira pulasitiki. Mzerewo ukaduka, pulogalamu imangoganizira: mwina ilumpha gawolo, mwina idzaza malo oyenera kukhala opanda kanthu. Ngati dengu lobooka, chinthucho chimaoneka bwinobwino pa kompyuta mpaka ntchito itayamba.

Chitsanzo ndi kapu yomwe chogwirira chake chinajambulidwa pachokha n'kungochilowetsa m'khoma la kapuyo. Nsonga za chogwiriracho zimatsalira mkati mwa khoma, makungu awiri n'kumapyozana. Mu Blender, wokonza amayamba waphatikiza zigawo ziwirizo ndi Boolean, atasankha Union, kuti khungu lobisikalo lichoke. Kenako amalowa mu Edit Mode n'kusankha Select All by Trait, ndiyeno Non Manifold, ndipo malo onse olakwika amawala.

Ambiri mwa malowo sakhala mabowo enieni, koma timfundo tiwiri tosanjikizana pamalo amodzi osalumikizana. Merge by Distance imatiphatikiza. Apa m'pofunika kusamala, chifukwa mtunda ukakula kwambiri, zokongoletsa zing'onozing'ono zimaphwanyikira limodzi. Ndi bwino kuyamba ndi mtunda wochepetsetsa n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Bowo lenileni limatsekedwa posankha mphepete zake n'kudina F. Pomaliza amasankha zonse n'kudina Shift+N, kuti tizidutswa toyang'ana mkati titembenukire kunja.

Mapulogalamu ena amakonza okha, ndipo pa timabowo tating'ono amathandiza ndithu. Koma sadziwa cholinga cha wojambula, moti kapu yopanda khungu lamkati akhoza kuitseka pakamwa n'kuisandutsa chigubu. Palinso vuto lomwe kutseka mabowo sikulithetsa: khoma lopyapyala kuposa mzere womwe kamwa ya pulinta imatulutsa, nthawi zambiri ya mamilimita 0.4, likhoza kusowa podula, ndipo liyenera kunenepetsedwa pojambula pomwe.

Fayilo ikakonzedwa, imadulidwanso, ndipo wokonza amayang'ana gawo ndi gawo, makamaka pomwe chogwirira chakumana ndi khoma. Ngati mzere wa gawo lililonse watsekeka ndipo mkati mwa kapu muli mpata, fayiloyo yakonzeka kusindikizidwa.