Kutalikitsa nkhani popanda kuchulukitsa masilaidi

Mlangizi wa zaulimi ali ndi masilaidi asanu okhudza kasungidwe ka chimanga, omwe anawakonzera mphindi zisanu zokha. Lero amuuza kuti ayankhule mphindi 30. Ambiri zikatere amathamangira kuwonjezera masilaidi, mwinanso kudzaza mawu pa omwe alipo, ndipo anthu amayamba kuwerenga pakhoma m'malo momvera woyankhula.

Ntchito yeniyeni ili pansi pa silaidi, pamalo omwe PowerPoint imawatchula Notes. Tengani silaidi yongolembedwa kuti “Yanikani bwino”. Pa mphindi imodzi mawuwa ndi okwanira. Koma pa mphindi zisanu mlangizi ayenera kufotokoza chifukwa chake: chimanga chonyowa chimachita chuku, ndipo chukucho chimatha kubala poizoni wa afulatokisini. Kenako anene kuti chinyontho chisapitirire 13 peresenti, n'kuonetsa mmene munthu wopanda makina angadziwire. Athire chimanga ndi mchere wouma m'botolo louma, akhutchumule. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimangacho sichinaume. Apa pakufunika chithunzi cha botolo, kapena botolo lenilenilo.

Si silaidi iliyonse yoyenera kukula chonchi. Ya mutu ikhalebe ya mphindi imodzi, ndipo mphindi zisanu zomaliza azisiyire mafunso. Akatero ayeserere mokweza mawu, wotchi ili pambali, chifukwa kuwerenga chamumtima kumanamiza nthawi. Akapezeka akubwereza zomwe wanena kale pa silaidi ina, pamenepo pakusowa chitsanzo.