Kupeza wogulitsa m'golosale: chidziwitso ndi mafunso ake

Golosale ikakula moti mwini wake sangathenso kupita kokapikula katundu osatseka chitseko, nthawi yolemba wothandiza yakwana. Ambiri amangomata pepala lakuti "Tikufuna wantchito wokhulupirika." Pepala lotere limaitana mudzi wonse, pakuti palibe amene amadziona ngati wosakhulupirika.

Chidziwitso chabwino chimasefa anthu asanafike pakhomo. Chinene ntchito yake, malo, masiku ndi maola, zomuyenereza munthu, ndi tsiku lotsekera. Mwachitsanzo: "Pakufunika wogulitsa m'golosale pafupi ndi msika. Ntchito: kugulitsa, kuyala katundu, kulemba zogulitsidwa m'kaundula. Lamulungu mpaka Lachisanu, 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana, Loweruka timatseka. Akhale wa zaka 18 kapena kuposa, wodziwa kuwerengera ndalama. Bweretsani kalata ndi maina a anthu awiri okuchitirani umboni pasanafike pa 30 mwezi uno."

Masiku asabisidwe, chifukwa wina sangagwire ntchito Lamulungu, ndipo ndi bwino adziwiretu. Maolawo akukwana 48 pa mlungu, omwe ndi malire a lamulo la ntchito m'Malawi. Opitirira apo ndi ovataimu. Malipiro nawo asatsike pansi pa mlingo umene boma linakhazikitsa. Satifiketi ya MSCE sindiiona kukhala yofunika pano. Ingathamangitse mayi amene wagulitsa tomato zaka zisanu osasokoneza chenji.

Pa tsiku la mafunso, onse afunsidwe zofanana, mayankho alembedwe. Ife ophunzira zauphunzitsi timauzidwa kuti funso liyese zimene munthu angachite, osati zimene waloweza. Choncho m'malo mofunsa kuti "Mumadziwa masamu?", ikani ndalama patebulo: kasitomala wagula shuga wa K3,500 ndi sopo muwiri wa K1,200 aliyense, wapereka ma K5,000 awiri. Zonse ndi K5,900, chenji ndi K4,100. Onani ngati akuwerenga chenjiyo mokweza pamaso pa wogula, chifukwa mikangano yambiri imathera pomwepo.

Funso lachiwiri likhudze ngongole: "Malume anu abwera, akufuna mafuta ophikira, ati alipira mawa, ine kulibe. Mutani?" Woyankha msanga kuti "ndiwakaniza" mwina akungokusangalatsani. Mufunseni mawu enieni amene angawauze malumewo. Amene wati awafotokozera mwaulemu kuti katundu si wake, kenaka akuimbirani foni, waiganizira nkhaniyo.

Lachitatu: wogula akuonetsa uthenga pafoni yake kuti walipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Yankho labwino n'lakuti katundu satuluka mpaka ndalamazo zitaoneka pafoni ya golosale, poti uthenga wabodza umafanana ndi weniweni.

Za mtundu wa munthu, mpingo wake kapena ngati ali woyembekezera musafunse. Lamulo limaletsa tsankho lotere polemba ntchito. Musanasankhe, imbirani amboni aja, muwafunse kuti munthuyo anasiyiranji kumene ankagwira kale.