“Ndimangocheza”: Mawu Amene Pepala Limodzi Liyenera Kuwatsekera Njira

M'mwezi wa Febuluwale 2021, kampani ya Camellia ya ku Britain, mwini wake wa Eastern Produce Malawi, inavomera kupereka mapaundi 2.3 miliyoni pothetsa mlandu wa amayi 36 ogwira ntchito m'minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi Thyolo. Amayiwo, kudzera mwa maloya a Leigh Day a ku London, ankati anachitiridwa nkhanza, kuphatikizapo kugwiriridwa. Kampaniyo sinavomere kulakwa, koma inalonjeza njira zatsopano zotetezera amayi pantchito.

Amene anagwirapo ntchito pansi pa kapitawo amadziwa kuti zoterezi kawirikawiri siziyamba ndi dzanja. Zimayamba ndi pakamwa, pamzere wa sikelo, anthu akuseka. Wodandaula akapezeka, yankho limakhala lokonzeka kale: “Ndimangocheza.”

N'chifukwa chake abwana a pa Boma la Mulanje, kaya ndi a esiteti, a loji yolandira alendo okwera phiri, kapena a golosale ya antchito asanu, akufunika kapepala ka tsamba limodzi kopachika pakhoma. Bungwe la eni minda ya tiyi la Tea Association of Malawi linakhazikitsa ndondomeko yothana ndi nkhanza ndi tsankho mu 2017, ndipo ndi chikalata chofunika. Koma wothyola tiyi amene wanyozedwa m'mawa uno sangatsegule buku. Akufuna mizere yochepa, ya m'Chichewa, imene angailoze ndi chala.

Ntchito yoyamba ya kapepalako ndi kulekanitsa zinthu zitatu zimene anthu amaziika m'thumba limodzi.

Kutukwana n'kosavuta kukuzindikira. Ndi mawu ogwetsa ulemu wa munthu mmodzi: “chitsiru,” “galu iwe,” kapena kutchula za kumaliseche ndi za makolo ake. Apa memo, kapepala kaja, iyenera kuteteza mbali ziwiri. Kapitawo ali ndi ufulu wouza wothyola kuti masamba ake ndi okhwima, kuti fakitale imafuna masamba awiri ndi kansonga, ndipo akhoza kunena mokweza mawu. Kumeneko n'kudzudzula ntchito. Akawonjezera kuti “mutu wako ngwamadzi,” wasiya masamba aja n'kugwira munthu.

Dzina lonyoza mtundu ndi lolemera kuposa pamenepo, ndipo Mulanje ikulidziwa bwino. Alomwe atawoloka kuchokera ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya azungu, ankatchedwa “Anguru,” dzina limene linanyamula chipongwe chonse cha nthawi ya thangata. M'zaka za m'ma 1940, Lewis Bandawe ndi anzake analimbana mpaka boma la atsamunda linasiya dzinalo n'kuyamba kulemba kuti Alomwe. Papita zaka zoposa 80, koma mawuwo amatulukabe anthu akapsetsana mtima. Chimodzimodzi “napweri” kwa munthu wachialubino, kapena kutchula wina ndi matenda ake. Kusiyana kwake ndi uku: chitukwano chimabaya munthu mmodzi, pomwe dzina lotere limabaya aliyense wa mtunduwo amene ali pamzerepo, ngakhale amene sanayambane ndi wina. Choncho memo yabwino imaliletsa kotheratu, osafunsa ngati wolitchula anali wokwiya kapena ankaseka. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino ndi gawo 5 la lamulo la zantchito la 2000 amaletsa tsankho lotengera mtundu, chilankhulo, chipembedzo, ulumali kapena kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi, ndiye bwana ali ndi poyimira.

Chovuta ndi chachitatu, nthabwala.

Palibe angaletse Amalawi kuseleulana, ndipo woyesa kutero adzangopha mtima wa pantchito. Chisuweni chimalola mawu amene mlendo angadabwe nawo. Ku Zambia Angoni ndi Abemba amanyogodolana mwa chimbuya ngakhale pamaliro. Koma macheza onsewa ali ndi lamulo lake losalembedwa: onse awiri ali ndi ufulu wobweza, ndipo onse akudziwa kuti palibe amene ataye kanthu. Msuweni sasunga buku la makilogalamu a mnzake.

Tiyerekeze nkhani iyi. Ndi Januwale, tiyi wachuluka, ndipo mayi wina walembedwa ntchito ya nyengo ya mvula yokha. Pa sikelo, kapitawo akunena mokweza za chiuno chake n'kumutcha “mkazi wanga.” Mzere wonse ukuseka, nayenso akuseka. Tsiku lachitatu akuyamba kuima kumapeto kwa mzere. Sabata yachiwiri akupempha kuti asinthidwe gulu.

Wofufuza waulesi adzafunsa funso limodzi: kodi anaseka? Funso limenelo n'lachabe, chifukwa munthu amene kontirakiti yake ya chaka chamawa ili m'manja mwa wonenayo amaseka kuti adye. Mafunso oyenera ndi ena. Kodi mayiyu akanatha kubweza nthabwala yofanana kwa kapitawoyo osaopa? Kodi mawuwo akhudza thupi lake, mtundu wake kapena matenda? Kodi anabwerezedwa iye atasonyeza kusakondwa? Pa nkhaniyi mayankho ake onse akugwera kapitawo. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi silifunsanso zimene wonenayo ankaganiza mumtima. Gawo 6 limayang'ana ngati munthu woganiza bwino akanadziwa kuti mawu okhudza zogonana oterowo akhumudwitsa, kuchititsa manyazi kapena kuopseza mnzake, ndipo chilango chake chimafika K1 miliyoni ndi zaka 5 m'ndende. Mawu okha, popanda kukhudza, akukwana.

Pa memo, zonsezi zingalowe m'ziganizo ziwiri: “Nthabwala ndi yololedwa ngati onse akuilandira ndipo sikhudza thupi, mtundu, chipembedzo, ulumali kapena matenda a munthu. Wina akati ‘basi,’ yatha. Kuibwereza ndi mlandu.” Ndi bwino kuwonjezera kuti malamulowa amagwiranso ntchito m'galimoto ya kampani ndi pa gulu la WhatsApp la antchito, kumene manyazi ambiri asamukira masiku ano.

Mamemo ambiri amagwa pa mzere wa kokadandaula. Amalemba kuti “uzani amene akukuyang'anirani,” kuiwala kuti nthawi zambiri wolakwayo ndi yemweyo. Payenera kukhala mayina awiri kapena atatu, mmodzi wamkazi, komanso woimira bungwe la antchito, monga PAWU m'minda ya tiyi, ndi masiku enieni amene yankho liyenera kubwera. Alembenso poyera kuti wodandaula sadzachotsedwa pamndandanda wa olembedwa nyengo yotsatira, poti kubwezera kwa m'munda kumabisala pamenepo.

Bwana wokwiya nayenso ali ndi malire. Lamulo la zantchito limatchula chenjezo lolembedwa, kuimitsidwa ndi kutsitsidwa paudindo ngati zilango, koma sililola kulipiritsa wantchito faindi, choncho memo yonena kuti “wotukwana adulidwa K5,000” ikudziika yokha pamlandu. Gawo 57 limati munthu asachotsedwe ntchito asanapatsidwe mpata wodziteteza. Kapitawo uja, ngakhale mboni zitakhala khumi, ayenera kuitanidwa, kuuzidwa mlandu wake ndi kumvedwa. Akangothamangitsidwa tsiku lomwelo, akhoza kuyambira ku ofesi ya leba pa Boma mpaka ku khoti la milandu ya zantchito n'kupambana, mayi uja n'kutsala akulozedwa zala ndi gulu lonse.

Chotsala ndi kuwerenga. Othyola tiyi ambiri amalowa ntchito mvula ikayamba, ena sadziwa kuwerenga, ndipo pepala la pakhoma la ofesi salifika. Liyenera kuwerengedwa mokweza pa sikelo sabata yoyamba ya nyengo, makapitawo ataima pomwepo, kenako aliyense wa iwo asayine kuti wamva.