Kalata ya malangizo: mtumeni mlembi kamodzi, ntchito itheke

M'mabungwe, m'makampani ang'onoang'ono ngakhale m'mipingo, ntchito yolemba timapepala tofalitsa uthenga, nkhani za m'magazini kapena mauthenga a pa wailesi imapatsidwa kawirikawiri kwa alembi oyima paokha, amene amalipidwa pa ntchito iliyonse imene agwira. Katumidwe kake n'kodziwika: uthenga wa mizere iwiri pa WhatsApp, kapena mawu ojambulidwa munthu ali pa ulendo. Kenaka mafunso amayamba. Ndilembe m'chinenero chanji? Mawu angati? Mtengo ndiutchule? Sabata imatha anthu akungoyankhana, ndipo nkhani ikabwera wotuma uja amati si zimene amafuna.

Mlembi wofunsa salakwa, pajatu safunsa anadya phula. Vuto limakhala kwa wotuma, chifukwa funso lililonse limene mlembi wafunsa limaloza chinthu chimene mwini ntchito sanachiganizire mpaka kumapeto. Kalata ya malangizo ndi malo amene wotuma amamangirapo mfundo zonsezo ntchito isanayambe. Siifunika kutalika. Tsamba limodzi kapena awiri amakwana, bola mukhale zigamulo, osati zofuna chabe.

Tiyerekeze kuti gulu la alimi la ku Mchinji lili ndi sitolo yogulitsa zipangizo za ulimi, ndipo likufuna kapepala kofotokoza matumba a PICS, aja osungira chimanga popanda kuthira mankhwala. Mkulu wa sitolo watumiza uthenga kwa mlembi: "Mutilembereko nkhani yabwino ya matumba a PICS, yoti alimi amve. Tikuifuna msanga." Uthenga umenewu uli ngati kusiyira telala nsalu popanda kumupatsa miyezo. Adzasoka ndithu, koma chovalacho chidzakwana munthu wina.

Wowerenga ndani, ndipo achite chiyani

Chigamulo choyamba ndi cha wowerenga, ndipo mawu oti "alimi" sakwanira. Mlimi wokolola matumba khumi a chakudya cha pakhomo ndi wosiyana ndi wamalonda wosunga matumba mazana awiri podikira kuti mitengo ikwere. Woyambayo nkhawa yake ndi anankafumbwe ndi njala ya mu Januwale, pomwe wachiwiriyo amawerengera phindu. Choncho kalata inene motere: "Owerenga ndi alimi ang'onoang'ono a m'midzi yozungulira sitolo yathu, ambiri ndi amayi, amene amasunga chimanga chodya pakhomo. Anazolowera kuthira mankhwala a fumbi m'matumba wamba. Ambiri anamvapo za matumba a PICS koma amati ndi odula. Ena sawerenga bwino, ndipo kapepalaka adzawawerengera mwana wa sukulu kapena mlangizi pa msonkhano."

Mizere inayi imeneyi yayankha mafunso ambiri mlembi asanawafunse. Akudziwa tsopano kuti ziganizo zikhale zazifupi ndi zomveka zikamawerengedwa mokweza, kuti asataye malo pofotokoza kuti nankafumbwe n'chiyani, ndiponso kuti nkhani ya mtengo sangailambalale popeza ndiyo ikuwabweza anthu.

Chotsatira ndicho cholinga, ndipo chikhale chimodzi, chonenedwa ngati chinthu chimene wowerenga adzachite. "Kudziwitsa anthu za matumba" si cholinga, chifukwa palibe njira yoonera ngati chatheka. Koma kalata ikati, "Akawerenga, mlimi adziwe kuthira ndi kumanga thumba moyenera, ndipo abwere ku sitolo asanayambe kukolola," mlembi amadziwa poyambira ndi pothera. Apa ndi pamene otuma ambiri amagwa. Amafuna kapepala kamodzi kaphunzitse, kagulitse, kathokoze opereka thandizo ndiponso kafotokoze mbiri ya gulu. Ngati zolinga zili zinayi, sankhani chimodzi, zinazo zidikire kapepala kena.

Mfundo zichokere kwa inu

Mafunso otopetsa kwambiri amakhala a mfundo, ndipo mlembi sangazipeke. Mtengo wa thumba, kumene sitolo ili, masiku otsegula ndi nambala ya foni ndi zinthu zimene amadziwa ndi wotuma yekha. Zilembedwe m'kalatamo ndendende monga zidzaonekere pa kapepala. Ngati mtengo ukusinthasintha, gamulani inuyo ngati utchulidwe kapena pasiyidwe mpata wodzalembapo ndi cholembera.

Mfundo za ukatswiri nazo ziperekedwe, pamodzi ndi kumene zachokera. Pa matumba a PICS, kalata inene kuti thumbali ndi la magawo atatu: mapulasitiki awiri m'kati ndi thumba lolukidwa kunja. Tizilombo timafa chifukwa chosowa mpweya, choncho pulasitiki iliyonse iyenera kuyang'anidwa ngati ilibe chibowo, kufinyidwa kuti mpweya utuluke, ndi kumangidwa payokha. Chimanga chikhale chouma bwino, chinyontho chake chosaposa pafupifupi 13 peresenti. Mlimi alibe chipangizo choyezera chinyontho, ndiye kalata iwonjezere njira yodziwika ya mchere: kuika chimanga pang'ono ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, kulitseka, kulikhutchumula, ndi kuona ngati mchere ukumata m'mbali mwa botolo. Ukamata, chimanga chisanaume. Mukapereka zimenezi, tumizaninso buku kapena kapepala ka alangizi kamene mukufuna kuti mlembi atsatire, ndipo mutchule munthu mmodzi amene angafunsidwe za ukatswiri.

Kenaka lembani zosayenera kunenedwa. Gawo limeneli ambiri amaliiwala, chonsecho ndilo limapulumutsa ntchito kuti isabwerezedwe. Pa chitsanzo chathu zingakhale zitatu: asalonjeze kuti makoswe sangabowole thumba, chifukwa amatha kulibowola, asanyoze mankhwala a kampani ina iliyonse potchula dzina, asalembe chiwerengero chilichonse chimene sichili m'mapepala amene mwamupatsa. Mlembi amene wauzidwa malire amalemba molimba mtima m'kati mwa malirewo.

Kukula, maonekedwe ndi kalankhulidwe

"Nkhani yaifupi" ndi mawu amene aliyense amawamva mwa njira yake. Perekani chiwerengero, ndipo munene kumene mawuwo akakhale. Mwachitsanzo: "Pepala la A5, mbali zonse ziwiri, mawu osaposa 300, ndi malo a zithunzi zinayi zoonetsa kamangidwe ka thumba." Ngati zithunzi zilipo kale, mlembi azione asanalembe, kuti mawu ake asabwereze zimene chithunzi chikunena. Ngati ndi uthenga wa pa wailesi, muyezo wake ndi masekondi, osati mawu. Chenjeraninso ndi chizolowezi choyeza kukula kwa nkhani m'Chingerezi kenaka n'kufuna Chichewa chikwane pa malo omwewo. Mawu a Chichewa amakhala aatali, ndipo pepala limadzaza msanga kuposa mmene mumayembekezera.

Kalankhulidwe n'kovuta kukafotokoza ndi mawu monga "kosangalatsa" kapena "kaulemu". Njira yachidule ndiyo kupereka chitsanzo: kapepala kamodzi kamene mumakakonda, ndi chiganizo chimodzi chonena chimene mumakakondera. Onjezani zigamulo zing'onozing'ono zimene zimadzetsa mkangano pambuyo pake. Wowerenga atchulidwe kuti "inu", osati "iwe". Miyezi ilembedwe Epulo ndi Meyi. Chilembo cha ŵ chigwiritsidwe ntchito kapena ayi. Miyambi ilowemo kapena isalowemo. Zinthu zoterezi zimatenga mzere umodzi m'kalata, koma zikasiyidwa zimabweza nkhani kawiri katatu.

Nthawi, ndalama ndi wovomereza

Mawu oti "msanga" achotsedwe, m'malo mwake mulowe masiku. Yambirani kumapeto. Ku Malawi ambiri amakolola chimanga kuyambira mu Epulo, choncho kapepalaka kayenera kukhala m'manja mwa alimi Epulo asanafike. Osindikiza afunika nthawi yawo, wokonza zithunzi nayenso yake. Kalata ingati: "Nkhani yoyamba ifike pa 3 Marichi nthawi ya 12 koloko masana. Ife tiyankha pofika pa 6 Marichi. Yomaliza ifike pa 10 Marichi." Onani kuti wotuma nayenso wadzimanga ndi tsiku. Ntchito zambiri zimachedwera pa tebulo la wotuma, osati kwa mlembi.

Nenani kuti nkhani idzakonzedwa kangati pa malipiro amene mwagwirizana. Kawiri kumakwana. Nenaninso kuti kusintha cholinga kapena owerenga ntchito ili m'kati si kukonza, koma ndi ntchito yatsopano yokhala ndi malipiro ake. Chofunika koposa, tchulani munthu mmodzi yekha wovomereza. Pamene wapampando, msungichuma ndi mlangizi aliyense akutumiza ndemanga zake, zina zotsutsana, mlembi amasanduka woweruza mlandu wa eni ake. Kambiranani nokha, ndemanga zonse zibwere pamodzi kudzera mwa munthu mmodzi.

Za ndalama zisachititse manyazi. Lembani kuchuluka kwake, ngati ina iperekedwe poyamba, tsiku lomalizira kulipira, ndi njira yake, kaya ku banki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Ngati bungwe lanu limadula msonkho wa MRA pa malipiro oterewa, nenani ngati ndalama yatchulidwayo ndi ya msonkho usanadulidwe kapena utadulidwa. Nenaninso ngati dzina la mlembi lidzaoneke, ndiponso ngati mudzagwiritse ntchito mawu ake pena, monga pa wailesi.

Kuyesa kalata isanatumizidwe

Pali njira yophweka yodziwira ngati kalata yapsa. Ipatseni munthu wa mu ofesi amene sanakhale nawo pa zokambirana, aiwerenge kamodzi, kenaka akuuzeni m'mawu ake kuti alembe chiyani, alembere ndani, kutalika bwanji ndiponso pofika liti. Paliponse pamene wakayikira kapena wanena zosiyana ndi zimene mumaganiza, pamenepo pali dzenje limene mlembi akanagweramo. Fufuzaninso mawu monga "zabwino", "zokopa", "ndi zina zotero" ndi "monga mwa nthawi zonse". Onsewa ndi zigamulo zimene mwakankhira kwa mlembi.

Kalata yabwino sithetsa mafunso onse, ndipo sikuti iyenera kutero. Imawachepetsa n'kuwasonkhanitsa pamodzi. Pemphani mlembi kuti aiwerenge tsiku lomwelo, atumize mafunso ake onse mu uthenga umodzi pamodzi ndi mitu ya zimene akufuna kulemba, inu muyankhe kamodzi. Mukagwirizana china pa foni, chilembeni m'kalata yomweyo kuti pasakhale malangizo awiri. Musapitirirenso muyezo n'kuyamba kumulembera chiganizo chilichonse, chifukwa mukatero mukulipira luso limene simukuligwiritsa ntchito. Inu gamulani za wowerenga, cholinga, mfundo, malire, nthawi ndi ndalama. Kasanjidwe ka mawu musiyireni mwini luso.

Choncho ulendo wina mukafuna kutuma mlembi, musayambe ndi kumuimbira foni. Khalani pansi ola limodzi ndi pepala, muyankhe nokha mafunso amenewa, ndipo ngati pali limene simungathe kuliyankha, dziwani kuti ntchitoyo sinafike poti mungatumire munthu.