Kaundula wa mabuku wokhala ndi ndemanga: kulongosola buku ndi kuliyeza

Wophunzira kukoleji asanayambe kafukufuku, aphunzitsi amamuuza kuti alembe kaundula wa mabuku amene wawerenga, ndipo pansi pa buku lililonse aike ndime ya mawu 100 mpaka 200. Ambiri amangokopera mitu ya m'bukumo n'kumaliza ndi mawu akuti "ndi buku labwino kwambiri." Ndime yotere sithandiza, chifukwa siuza wowerenga pamene angalikhulupirire bukulo ndi pamene ayenera kusamala nalo.

Titenge buku la Megan Vaughan lonena za njala ya 1949. Mzere woyamba ndi wolizindikiritsa: wolemba, chaka, mutu ndi osindikiza, motere: Vaughan, M. (1987). The Story of an African Famine. Cambridge University Press.

Kenako pamabwera chidule. Apa musanene kuti bukuli likukamba za njala basi. Nenani mfundo imene wolemba akuikira kumbuyo. Mungalembe kuti: "Vaughan akuonetsa kuti chilala pachokha sichifotokoza njala ya 1949 m'boma la Blantyre. Akuunika ulimi wa fodya, kuchulukana kwa anthu ndi malamulo a atsamunda a kagulitsidwe ka chimanga, ndipo akupeza kuti amayi, makamaka amene amuna awo anawasiya, ndiwo anavutika koposa." Onani kuti mneni aliyense akuloza kwa wolemba: akuonetsa, akuunika, akupeza. Maganizo anu sanalowemo.

Kuyeza kumayamba ndi funso limodzi: wolembayu wazidziwa bwanji zimenezi? Vaughan anagwiritsa ntchito zikalata za boma, zokamba za anthu amene anaiona njalayo, ndi nyimbo zimene amayi amaimba posinja pamtondo. Mphamvu ya bukuli ili pomwepo, ndipo malire ake ali pomwepo. Choncho mungapitirize kuti: "Nyimbo za pamtondo zikutulutsa madandaulo a amayi amene zikalata za atsamunda sizinawalembe. Komabe umboni wapakamwawu unatoleredwa patapita zaka zambiri, ndipo ngwochokera m'dera limodzi la kummwera, kotero sungaimire Kasungu kapena Karonga."

Chiganizo chomaliza chinene ntchito ya bukuli pa kafukufuku wanu: "Ndiligwiritsa ntchito pofotokoza kagawidwe ka chakudya m'banja nthawi ya njala, koma za chigawo chapakati ndifufuza kwina."

Mukamaliza, phimbani dzina la buku n'kuwerenganso ndimeyo. Ngati mawu anu angakhale bwinobwino pansi pa buku lina lililonse la mbiri yakale, ndiye kuti simunaliyeze. Bwererani ku mawu oyamba a bukulo ndi kumene wolemba watchula magwero a umboni wake, mupeze chinthu chimodzi chimene wachita bwino ndi china chimene sanachifikire, muzitchule mayina.